Kupempha tchuthi chosalipidwa kwa abwana ku Harare pamene kwagwa zovuta kumudzi: mmene mungachitire kuti ntchito mudzaipeze

Uthenga wa maliro ukafika usiku pa foni, ambiri a ife amene tikugwira ntchito kuno ku Harare timachita chinthu chimodzimodzi: m'mawa timalawirira kwa abwana misozi ili m'maso, timanena kuti kumudzi kwagwa zovuta, iwo amati "pepani, pitani," ndipo ife timathamangira kukagula tikiti ya basi. Mawu akuti "pitani" amenewo sanena tsiku lobwerera, sanena ngati masikuwo adzalipidwa, ndipo salembedwa paliponse. Pobwera kuchokera ku Malawi, wina amapeza malipiro a mwezi atadulidwa pakati, wina amapeza kalata yomuitanira ku mlandu wa kujomba, ndipo wina amapeza munthu wachilendo akusesa pabwalo pamene iye ankasesa. Malangizo ali m'munsimuwa ndi a munthu wolembedwa ntchito ku Zimbabwe amene akufuna kukakhuza maliro ku Malawi, ndipo masiku amene akufuna ndi ochuluka kuposa amene abwana angamulipire.

## Zofunika kukhala nazo musanakaonane ndi abwana

- Pasipoti imene nthawi yake sinathe, pamodzi ndi chilolezo chanu chokhalira kapena chogwirira ntchito m'dziko muno ngati muli nacho.
- Kontilakiti yanu kapena kalata imene anakulemberani ntchito, ndiponso kapepala ka malipiro ka mwezi watha.
- Umboni wa imfa: chithunzi cha chikalata cha kuchipatala kapena cha kumotchale, kalata ya a mfumu, kapena uthenga weniweniwo umene achibale atumiza pa foni.
- Kalendala ndi cholembera.
- Mapepala awiri oyera, kapena fomu ya tchuthi ngati kuntchito kwanu ilipo.
- Dzina la mnzanu mmodzi amene wavomera kugwirizira ntchito yanu.
- Nambala ya foni ya m'bale wa ku Malawi imene abwana angakupezereni.

## 1. Imbani kumudzi kuti mumve tsiku loika maliro

Musanatchule nambala iliyonse ya masiku kwa abwana, imbani foni kwa amene akuyendetsa mwambo, kaya ndi mwinimbumba kaya ndi mkulu wa mpingo, ndipo mufunse mafunso atatu: thupi lili kuti, aika liti, ndipo akudikirani kapena ayi. Mayankho ake ndi amene amasonyeza ngati ulendo wanu ndi wothamangira kumanda kapena wokapepesa.

Kumudzi kumene kulibe motchale pafupi, maliro sagona masiku ambiri, ndipo kwa abale athu achisilamu mwambo ndi kuika msanga, kawirikawiri tsiku lomwelo kapena lotsatira. Munthu wochokera ku Harare pa basi sangafike ku Mangochi kapena ku Machinga nthawi imeneyo isanakwane. Ngati zili choncho, palibe chifukwa chonyamukira mothamanga ndi chilolezo cha pakamwa. Ndi bwino kutumiza chipepeso pa Mukuru kuti chithandize pa bokosi, nsalu ndi ufa, kenaka n'kupempha tchuthi mwadongosolo kuti mukapezeke pa zokambirana za banja, pa sadaka, kapena pa tsiku lina limene akuluakulu akonza.

Chenjezo: achibale akamati "tikudikirani," afunseni kuti adikira mpaka liti. Adzukulu akakumba manda ndipo anthu agona pasiwa masiku awiri, a mfumu sasunga mudzi wonse chifukwa cha munthu mmodzi amene basi yake yaima pa Nyamapanda.

## 2. Dziwani mtundu wa tchuthi chimene chikukuyenerani

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayika, chifukwa anthu amayamba ndi kupempha tchuthi chosalipidwa pomwe lamulo linawapatsa kale masiku olipidwa. Lamulo la ntchito la Zimbabwe, Labour Act, Chapter 28:01, lili ndi magawo awiri amene muyenera kuwadziwa.

Gawo 14B likunena za tchuthi chapadera, chimene pa fomu chimalembedwa kuti "special leave". Ichi ndi tchuthi cha malipiro onse, chosapitirira masiku 12 pa chaka cha pa kalendala, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi imfa ya mwamuna kapena mkazi wa wantchito, kholo lake, mwana wake, kapena munthu amene lamulo limamudziwa kuti amadalira iyeyo. Gawo lomwelo likutchulanso chifukwa china chilichonse chomveka chachifundo. Masiku 12 amenewa ndi malire a chaka chonse, si a maliro amodzi, ndipo sakutanthauza kuti maliro alionse mudzapatsidwa onse 12. Ngati munatengapo ena m'chaka chomwecho, mwatsala ndi ochepa.

Gawo 14A likunena za tchuthi cha pachaka, chimene pa fomu ndi "vacation leave". Chimayamba kuunjikika munthu akatha chaka choyamba kwa bwana mmodzi, chimakwana pafupifupi mwezi umodzi pa chaka, ndipo sichiunjikika kupitirira masiku 90. Loweruka, Lamulungu ndi masiku a holide amene agwera mkati mwa tchuthichi amawerengedwa nawo. M'gawo lomweli ndi mmene muli mawu onena kuti wantchito amene alibe masiku ounjikika akhoza kupatsidwa tchuthi chosalipidwa. Taonani bwino mawu akuti "akhoza": abwana ali ndi ufulu wovomera kapena kukana. Tchuthi chosalipidwa n'chopempha, si cholamula, ndipo n'chifukwa chake kalankhulidwe ndi kalembedwe kanu zili ndi ntchito yaikulu.

Choncho ndondomeko yake ndi iyi: yambani ndi masiku a tchuthi chapadera, onjezerani a pachaka ngati muli nawo, ndipo otsalawo ndiwo mupemphe kuti akhale osalipidwa. Onaninso kontilakiti yanu ndi mgwirizano wa khonsolo ya ntchito ya gulu lanu, imene anthu amangoti NEC, chifukwa mwina mulinso zina zokomera inu. Antchito a m'nyumba ndi a m'dimba ali ndi malamulo awoawo apadera, koma nawonso ayenera kufunsa za masiku olipidwa asanavomere kudulidwa.

## 3. Tchulani ubale wanu ndi malemu molondola

Nkhani iyi ndi imene ndikufuna kuikhalira pang'ono, chifukwa yagwetsa anthu oona mtima. Kwathu, mng'ono wa amayi anu ndi amayi anu, mkulu wa abambo anu ndi abambo anu, ndipo mwana wa mkulu wanu kapena wa mng'ono wanu mumamutcha mwana wanu popanda kuganiza kawiri. Munthu akati "amayi anga atisiya" ponena za amayi aang'ono amene anamulera, sakunama ayi. Koma mu ofesi yosunga mafayilo a antchito amalemba mawuwo monga mmene awamvera, ndipo patapita zaka ziwiri, amayi okuberekani akadzamwalira, fayilo idzaonetsa kuti amayi anu anamwalira kale. Pamenepo mudzaoneka wabodza pa tsiku limene mukufunitsitsa kukhulupiriridwa.

Nenani ubale weniweni, kenaka fotokozani kulemera kwake. Ngati amwalira ndi amalume, lembani kuti ndi mlongo wa amayi anu, kuti ndiwo anakulerani ndi kukulipirirani sukulu, ndiponso kuti mwa mwambo wa kwanu inu ndi mmodzi wa oyenera kukhalapo pokambirana za ana ndi minda. Amalume, azakhali, agogo, achimwene ndi achemwali sanatchulidwe mwachindunji pa mndandanda wa gawo 14B, choncho pempho lanu limatsamira pa mawu aja a chifukwa chomveka chachifundo. Kumveka kwake kumadalira mmene inuyo mwafotokozera. Mwayi wake ndi wakuti abwana ambiri a kuno, Mashona ndi Mandebele, nawonso amadziwa kuti amalume si munthu wamba pa banja, ndipo mukalongosola bwino sadabwa.

Chenjezo: musakokomeze ubale kuti mupeze masiku olipidwa. Kunama pa fomu ndi mlandu wa kusakhulupirika, ndipo ukhoza kukuchotsetsani ntchito ngakhale mutabwerera pa tsiku lake.

## 4. Werengani masiku pa kalendala, osati m'mutu

Kuchokera ku Harare kukafika ku Blantyre ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 600, ndipo mumadutsa malire awiri: Nyamapanda ndi Cuchamano polowa m'Mozambique, kenaka kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kudzatulukira pa Zobue ndi Mwanza. Olowera ku Lilongwe ndi chigawo chapakati ena amatulukira pa Dedza. Mtunda wokhawo si wautali kwenikweni, koma basi imaima nthawi yaitali pa chipata chilichonse pamene akufufuza katundu wa anthu onse, choncho werengani tsiku lathunthu popita ndi lina pobwera. Ndiponso ku Blantyre si kumudzi: pali minibasi, mwina ndi kabaza, ndipo m'nyengo ya dzinja msewu wa fumbi ukhoza kukudyerani theka la tsiku.

Tiyerekeze za bambo wa ku Mulanje amene akukhala ku Mufakose ndipo akugwira ntchito yonyamula katundu pa kampani ina ku Graniteside. Wagwirapo miyezi 8 yokha, choncho tchuthi cha pachaka alibe. Amalandira madola 260 pa mwezi ndipo amagwira kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Uthenga wa imfa ya amalume ake wafika Lolemba usiku, thupi lili ku motchale ya chipatala cha boma, ndipo banja lagwirizana kuika Lachinayi masana.

Lachiwiri amapita kuntchito kukapempha ndi kugula tikiti. Lachitatu amanyamuka m'mamawa n'kukagona ku Blantyre. Lachinayi amafika kumudzi pa nthawi ya mwambo. Lachisanu ndi tsiku losesa ndi kukambirana za banja, ndipo Loweruka amatsanzikana ndi anamfedwa ndi kutenga kalata kwa a mfumu. Lamulungu amabwerera ku Blantyre, Lolemba amakwera basi ya ku Harare. Lachiwiri amalisiya lopanda kanthu dala, kuti basi ikawonongeka kapena ikagona pa boda asachedwe kuntchito. Lachitatu m'mawa amayamba ntchito.

Masiku a ntchito amene sakhalapo ndi 6: Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu, Loweruka, Lolemba ndi Lachiwiri. Bamboyu akanawerenga m'mutu akanati "masiku anayi akwana," chifukwa munthu wogwidwa ndi chisoni amawerenga ulendo wopita wokha. Tsiku lopatula lija musalichotse pofuna kusangalatsa abwana. Kubwera tsiku limodzi msanga palibe amene amakudzudzulani, koma kuchedwa tsiku limodzi kumalowa mu fayilo.

Funsaninso masiku amene basi zimanyamuka mbali zonse ziwiri musanalembe tsiku lobwerera. Pitani nokha ku Roadport kapena ku Mbare kumene mumakwerera, kapena imbani foni, chifukwa si basi iliyonse imene imayenda tsiku ndi tsiku.

## 5. Onani mapepala a ulendo tsiku lomwelo

Tsegulani pasipoti muone tsiku lothera, ndipo muone ngati chilolezo chanu chokhalira kapena chogwirira ntchito sichithera muli ku Malawi. Kutuluka m'Zimbabwe n'kosavuta kusiyana ndi kulowanso, ndipo abwana sangakusungireni ntchito kwa mwezi pamene inu mwakanidwa pa Nyamapanda. Ngati pasipoti inatha kapena inatayika, mzika ya Malawi ipite ku ofesi ya kazembe wa Malawi kuno ku Harare kukafunsa za chikalata choyendera mwadzidzidzi, ndipo ifunsitsitse ngati chikalatacho n'chopitira kokha kapena n'chobwereranso. Amene anabadwira kuno ndipo ali ndi mapepala a Zimbabwe apite ku ofesi ya boma yopereka mapasipoti. Zonsezi zimadya tsiku, choncho liwonjezereni pa masiku opempha.

## 6. Konzani wogwirizira ntchito yanu

Bwana akamazengereza, kawirikawiri sakukayikira maliro, koma akuganiza za amene atsegule geti, aphike, kapena akweze katundu mawa. Muyankheni funsolo asanalifunse. Gwirizanani ndi mnzanu wa pa shifiti, lembani pa pepala ntchito zimene zatsala, ndipo makiyi ndi zida muzipereke kwa kapitawo pamaso pa munthu wina.

Kwa antchito a m'nyumba za ku Borrowdale, Mount Pleasant kapena Avondale pali msampha wake. Mukabweretsa nokha munthu wogwirizira, gwirizanani pamaso pa adona kuti akugwira mpaka tsiku lakuti, ndipo amulipira ndani. Ngati mumagona m'kanyumba ka kuseri kwa abwana, funsani momveka kuti mkazi wanu, ana ndi katundu akhalabe momwemo pa masiku osalipidwawo.

## 7. Lankhulani ndi munthu woyenera, ndipo yambani ndi tsiku lobwerera

Pa kampani, kapitawo ndi woyamba kuuzidwa, koma nthawi zambiri si iye amene ali ndi mphamvu yovomereza tchuthi chosalipidwa. Mufunseni kuti fomu amasayina ndani, ndipo mupite naye limodzi ngati n'kotheka. Panyumba, lankhulani ndi amene amakupatsani malipiro m'manja, osati mwana wa abwana kapena mlendo wa pakhomo.

Bambo wa ku Mulanje uja, ataima pa khomo la ofesi chipewa chili m'manja, akhoza kunena motere m'Chingerezi kapena m'Chishona, malinga ndi chimene amalankhula ndi abwana ake: "Bwana, pepani kukusokonezani m'mawa uno. Amalume anga, mlongo wa amayi, amene anandilera, amwalira dzulo ku Mulanje. Aika Lachinayi. Ndikupempha kuchoka mawa Lachitatu ndipo ndidzayamba ntchito Lachitatu la sabata yamawa. Ndi masiku a ntchito 6. Ndikupempha kuti amene angatheke akhale a tchuthi chapadera, otsalawo mundidule."

Mawu amenewa ndi aulemu, koma alibe kuzungulira. Mwambo wathu wofika pa nkhani pang'onopang'ono ndi wabwino pakhonde la a mfumu, koma mu ofesi umasiya bwana osadziwa chimene mukupempha, ndipo iye amadzaza yekha mpatawo ndi nambala yaing'ono. Akati masiku 6 achuluka, musakangane. Tulutsani kalendala ija muwaonetse kuti masiku anayi ndi a pamsewu pokha, ndipo ngati n'kofunika kuchepetsa, chotsani tsiku la kumudzi, osati lopatula la pobwerera.

Chenjezo: musatchule lamulo ngati chibonga. Kunena kuti "ndamva kuti pali tchuthi chapadera cha maliro, kodi ndatsala ndi masiku angati chaka chino?" kumatsegula khomo kuposa kunena kuti "lamulo likukukakamizani." Kumbukirani kuti mbali yosalipidwayo akhoza kuikana popanda kulakwira lamulo.

## 8. Lembani, asayine, ndipo kope lina likhale lanu

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Chilolezo cha pakamwa ndi fodya wapachala. Ngakhale abwana atavomera mokoma mtima, lembani pempho lanu pa fomu kapena pa pepala, m'makope awiri. Kalatayo ikhale yaifupi ndipo mukhale zinthu izi: dzina lanu ndi ntchito yanu, tsiku lolembera, amene wamwalira ndi ubale wake weniweni, tsiku loyamba kusakhalapo, tsiku lobwerera kuntchito, kuchuluka kwa masiku olipidwa ndi osalipidwa, dzina la wogwirizira, ndi nambala yokupezerani ku Malawi. Pansi pake musiye malo oti abwana alembe kuti avomereza, asayine ndi kuika deti. Ngati pali chidindo cha kampani, adindepo.

Madeti alembeni athunthu, tsiku, mwezi ndi chaka. Mawu ngati "sabata imodzi" kapena "ndikangomaliza maliro" ndi amene amabala mikangano, chifukwa inu mumawerenga kuyambira tsiku lofika kumudzi pomwe abwana amawerenga kuyambira tsiku lochoka. Pa fomu, chongani bokosi la "special leave" pa masiku olipidwa ndi la "unpaid leave" pa otsalawo, ndipo ngati fomu ikulola bokosi limodzi lokha, dzazani mafomu awiri.

Adona ena sakonda za mapepala ndipo amati "ife timakhulupirirana." Musawakakamize mpaka kukwiya. Mukatuluka, atumizireni uthenga pa WhatsApp wothokoza, wobwereza madeti onse awiri ndi masiku odulidwa, ndipo muwapemphe kuti ayankhe. Yankho la liwu limodzi lovomera ndi umboni kale. Jambulani uthengawo, jambulaninso kalata yosayinidwa, ndipo zithunzizo mutumize kwa mkazi wanu kapena mnzanu wodalirika, popeza foni imatha kutayika pa ulendo.

Za umboni wa imfa, musadikire chiphaso cha imfa chochokera ku National Registration Bureau, chifukwa sichituluka tsiku limodzi. Onetsani chimene muli nacho lero, ndipo lembani m'kalatamo kuti mudzabweretsa chikalata cha kuchipatala kapena kalata ya a mfumu yodindidwa pobwerera.

## 9. Funsani kuti adula zingati, musananyamuke

Tibwerere kwa bambo uja. Tinene kuti abwana avomera masiku 3 a tchuthi chapadera ndi masiku 3 osalipidwa. Ngati kampani imagawa malipiro a mwezi ndi masiku a ntchito 26, tsiku limodzi ndi madola 10, ndipo adzadulidwa madola 30, n'kutsala ndi 230 zina zisanachotsedwe. Akanangopempha tchuthi chosalipidwa cha masiku onse 6, akanataya madola 60. Makampani sagawa mofanana: ena amagwiritsa ntchito masiku 22, ena 26, ena 30, malinga ndi masiku amene mumagwira pa sabata ndi mgwirizano wa gulu lanu. Funsani wa malipiro kuti akuuzeni nambala yake, komanso ngati Lamulungu logwera pakati adzaliwerenga. Lamulungu limene simugwira kale siliyenera kukudyerani ndalama mwakachetechete.

Kumbukirani kuti zodula zina siziima chifukwa choti inu muli pa maliro. Ngongole ya kuntchito, ndalama ya bungwe la maliro, ya chithandizo cha kuchipatala, zonsezi zidzachotsedwa pa malipiro ochepawo, ndipo lendi ya ku Mufakose ikudikira. Ngati mukufuna kutapako malipiro kuti mupeze thiransipoti, pemphani zimenezo padera, mutalandira kale chilolezo cha tchuthi, ndipo mugwirizane molemba kuti adzadula m'miyezi ingati. Mukaphatikiza mapempho awiriwa mu mpweya umodzi, bwana wokana ngongole amakananso tchuthi. Ngati muli m'bungwe la maliro la anthu a kwathu kuno, kaya la kutchalitchi kaya la kumzikiti, aoneni iwo poyamba.

## 10. Muli kumudzi, masiku akaoneka kuti sakwana

Zimachitika. Mwina maliro asunthidwa podikira wina wochokera ku Joni, mwina zokambirana za ana amasiye zavuta, mwina mlatho wakokoloka. Lamulo lake ndi limodzi: pemphani masiku owonjezera tchuthi chisanathe, osati chitatha. Lembani uthenga wonena chifukwa ndi tsiku latsopano lobwerera, ndipo mudikire yankho. Kukhala chete kwa abwana si kuvomera.

Layini ya Econet kapena NetOne ikhoza kusagwira kumudzi, choncho konzekerani kugwiritsa ntchito ya Airtel kapena TNM ya m'bale wanu, ndipo nambala ya abwana muisunge ndi +263 kutsogolo. Ngati pakhomo palibe netiweki, kwerani pa chulu kapena pitani pa tireding'i senta tsiku lomwelo.

Chifukwa chochitira changu n'chakuti malamulo a khalidwe la pantchito a dziko lonse, Statutory Instrument 15 of 2006, amene amagwira ntchito kumene kulibe malamulo ena olembetsedwa, amaika kujomba masiku a ntchito 5 kapena kuposerapo popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka m'gulu la milandu yochotsetsa ntchito. Kwa munthu amene ali ku Phalombe akudikira kuti akuluakulu amalize nkhani ya munda, masiku 5 amatha osawaona. Achibale adzati, "Achimwene, mungachoke bwanji nkhani isanathe?" Ayankheni mwaulemu kuti ndalama zimene zagula bokosi zachokera ku ntchito yomweyo, sankhani wokuyimirani pa zotsalazo, ndipo nyamukani.

## 11. Pobwerera kuntchito

Fikani pa tsiku ndi ola limene munalemba. Pitani kaye kwa amene anasayina kalata yanu, muthokoze, ndipo mupereke kope la umboni uja, choyambirira chikhale chanu. Matikiti a basi musawataye, ndipo zidindo za pa Nyamapanda ndi Mwanza m'pasipoti yanu ndi mboni ya masiku amene munali pa ulendo. Malipiro akatuluka, yerekezani kapepala kake ndi zimene munagwirizana, ndipo ngati adula zochuluka, kafunseni sabata yomweyo muli ndi kalata m'manja.

Mukapeza kuti akuti ntchito yatha, musasayine pepala lililonse lonena kuti mwasiya nokha, ngakhale atakulonjezani ndalama za pompopompo. Pemphani chifukwa cholembedwa, ndipo mutengere nkhaniyo kwa komiti ya antchito, ku yuniyoni, ku NEC ya gulu lanu, kapena kwa ofisala wa za ntchito ku unduna woona za ntchito. Kumeneko chinthu choyamba chimene adzafunsa ndi kalata yosayinidwa ija.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Cholakwika chofala kwambiri ndi kutuma mnzanu kuti "ukawauze abwana kuti ndapita ku maliro." Uthenga wotere umadziwitsa chabe, supempha, ndipo palibe amene wavomereza. Ngakhale basi ikunyamuka m'bandakucha, imbani nokha usiku womwewo ndipo mutsatize ndi uthenga wolemba.

China ndi kugula tikiti yopita yokha n'kudalira kuti ndalama yobwerera ipezeka kumudzi. Munthu wochokera kunja amaonedwa ngati thumba la maliro onse: ufa ukatha amayang'ana iye, shuga wa tiyi wa pasiwa ndi iye, mafuta a galimoto yonyamula thupi ndi iye. Ambiri amene amachedwa kubwerera sachedwa ndi mwambo, amachedwa chifukwa alibe ya basi. Ndalama yobwerera isiyeni kwa mkazi wanu kapena mnzanu ku Harare kuti adzakutumizireni tsiku lonyamuka likayandikira.

Ena amatha masiku onse 12 a tchuthi chapadera pa maliro a m'bale wapatali kumayambiriro a chaka, ndipo kholo likadzadwala kapena kumwalira m'chaka chomwecho amapezeka alibe ngakhale tsiku limodzi lolipidwa. Ngati makolo anu ndi okalamba, nthawi zina ndi nzeru kusankha dala kuti masiku ena akhale osalipidwa, n'kusunga apaderawo.

Pali amene amabwerera ndi matumba a mpunga wa Kilombero, usipa ndi nsalu zogulitsa, n'kuchedwa nazo pa boda tsiku lathunthu, kenaka n'kuika zithunzi za malondawo pa foni pamene abwana akuziona. Kubwera ndi kamba wa ana si mlandu, koma bwana akaganiza kuti tchuthi cha maliro chinali ulendo wa geni, pempho lotsatira adzaliyang'ana ndi diso lina.

Pomaliza pali nkhani ya chiliza. Mwambo wovundukula chiliza umadziwika miyezi yambiri usanafike, choncho si wadzidzidzi, ndipo musayembekeze kuti abwana adzauwerenga ngati maliro atsopano. Banja likangogwirizana mwezi wake, lembani pempho la tchuthi cha pachaka nthawi yomweyo, kapena la masiku osalipidwa ngati simunakwanitse chaka, ndipo mutchule dzina la malemu lomwe lija limene lili kale mu fayilo yanu.